Ndevu zada, koma kodi dowe wanga wakhwima?

Mayi a Chisomo: Moni nonse alimi anzanga. Ndili ndi chimanga cha kudimba kuno ku Ntcheu, mbewu ya Kanyani, ndinadzala kumayambiriro kwa Juni. Ndevu zambiri zada tsopano, ndipo venda wina wogulitsa dowe pa Lizulu akuti abwere Loweruka adzathyole dimba lonse. Iye anangoima kumalire, kuyang'ana ndevu, n'kunena kuti chapsa. Mtima wanga sukukhazikika chifukwa zitsononkho zina ndikazigwira zikumveka zowonda. Ndingadziwe bwanji kuti chafika pothyola popanda kusenda munda wonse?

Che Jafali: Ndevu zikada ndiye basi, mayi. Ife timagulitsa chowotcha tsiku ndi tsiku ndipo timayang'ana ndevu zomwezo. Zikauma n'kumathothoka mukazikoka pang'ono, thyolani. Mukachedwa chilimba, ndipo palibe wogula amene amafuna kupweteka nsagwada.

Bambo Gondwe: Musafulumire, mayi. Chimanga chimafunika chiume pamunda, makoko ayere mbee, chitsononkho chiweramire pansi. Ndiyeno mudule mapesi, muimike mikukwe, mudikire. Mukachiyika m'nkhokwe chisanaume chichita chuku, anankafumbwe nawo sachedwa kulowa.

Mayi a Chisomo: Bambo Gondwe, zikomo, koma ichi si chosunga. Ndi dowe wogulitsa chachiwisi.

Bambo Gondwe: Ooh, chakudimba. Ndiye funso langa la chouma ndilifunsa pambuyo, anzathu akuyankheni kaye.

Nachisale: Mayi a Chisomo, ndisanayankhe ndifunseko zinthu zitatu. Ndevu munaziona zikutuluka liti? Dimba lonse limalandira madzi mofanana? Ndipo vendayo akufuna chophika kapena chowotcha?

Mayi a Chisomo: Chinamasula chapakati pa Ogasiti, ndevu zinatsatira sabata yomweyo, moti padutsa pafupifupi masabata atatu. Dimbali lili ndi mbali ziwiri. Kumunsi kuli dothi lakuda pafupi ndi mtsinje, chinyezi sichitha. Kumtunda kuli mchenga, timathirira ndi makheni, ndipo mwezi wathawu chitsime chinaphwa kwa kanthawi. Vendayo amaphika china, china amawotcha.

Nachisale: Mwafotokoza bwino, ndipo yankho lagona pa mbali ziwirizo. Ndiyambe ndi ndevu, popeza ndi pamene Che Jafali aima.

Ulusi uliwonse wa ndevu umachokera pa njere imodzi. Mungu ukagwa kuchokera ku ngayaye n'kutera pa ulusiwo, njere ija imatenga pakati, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu ulusiwo umaduka pa njere n'kuyamba kufota. Choncho ndevu zikada, zikungokuuzani kuti ntchito ya mungu yatha. Sizikunena kuti m'kati mwa njere mwadzaza. Zimatha kuda njere zikadali matuza a madzi okhaokha, pafupifupi masiku 10 mpaka 14 chitulukire ndevu. Komanso zimatha kuuma mungu usanaterepo n'komwe, ngati chimanga chinasowa madzi kapena kunatentha kwambiri. Pamchenga panu paja ndi pamene ndikukayikira zimenezi.

Ndiye ndevu muzizitenga ngati chizindikiro choyambira kuyendera munda. Chogamula ndi njere.

Che Jafali: Achemwali a Nachisale, sindikutsutsa, koma ine ndimapikula chimanga m'madimba ambiri ndipo nthawi zambiri ndevu sizindinamiza.

Nachisale: Sizikunamizani chifukwa simuyang'ana ndevu zokha, achimwene. Ndaonapo mmene mavenda mumasankhira. Diso lili pa ndevu koma dzanja lagwira kale chitsononkho, likufinya kunsonga. Dzanjalo ndi limene likukuuzani zoona, kungoti munazolowera moti simuliwerengeranso.

Che Jafali: Apo mwanena zoona. Chimene sichinadzaze chimamveka chosongoka, ndipo chala chimalowa. Chabwino chimamveka chobulungira mpaka kumapeto, mizere ya njere mumaimva kudutsa m'makoko.

Tadala wa ku Bunda: Ine ndinaphunzira kuti mungowerenga masiku 21 kuchokera tsiku limene ndevu zatuluka, basi, dowe wakonzeka. Mayi akuti masabata atatu, ndiye Loweruka lili bwinobwino.

Nachisale: Tadala, chiwerengerocho n'cholondola koma chili ndi malire ake. Kukakhala kofunda, njere zimachita mkaka pa masiku 18 mpaka 22 chitulukire ndevu, ndipo mkakawo umayamba kulimba pa masiku 24 mpaka 28. Koma chimanga chimayendera kutentha, osati kalendala. Cha kudimba chimene chakulira m'nyengo yozizira kumtunda ngati ku Ntcheu kapena ku Dedza chimachedwa, ndipo n'chifukwa chake Kanyani wa mayiwa, amene dzinja amafulumira, wamasula mochedwa chonchi. Tsopano Seputembala walowa, kwayamba kutentha, ndiye kuyambira pano chithamanga. China n'chakuti munda sutulutsa ndevu tsiku limodzi. Phesi loyamba ndi lomaliza zimatha kusiyana ndi sabata yathunthu, makamaka pamene madzi sakufika mofanana. Masiku 21 mukuwerengera kuchokera pa phesi liti?

Agogo aNgozo: Ana inu, ife kale tinkati chimanga cha ndevu zofiira ndiye chakhwima msanga ndipo chimatsekemera. Kodi zimenezo zinasintha?

Nachisale: Agogo, kufiira kwa ndevu zatsopano ndi mtundu wa mbewu chabe. Mbewu zina zimatulutsa ndevu zobiriwira zopita kuchikasu, zina zofiirira, ndipo m'chimanga cha makolo mumapeza zonse m'munda umodzi. Ndevu zofiira zikakhala zonyezimira, zofewa ndi zonyowa mukazigwira, chimangacho chikadali chanthete. Zimene tikunena ife ndi zija zafota, zada ndipo zikukhakhala m'manja. Za kutsekemera sindingakutsutseni, mwina mbewu imene munali nayo inali yotero.

Agogo aNgozo: Inalidi yokoma. Koma ndamva, mwanawe.

Mayi a Chisomo: Ndiye mawa m'mawa ndichite chiyani kwenikweni? Ndikuopa kusenda zambiri, chifukwa chimene mwatsegula mbalame zimachipeza.

Nachisale: Mantha anuwo ndi oyenera. Chitsononkho chotsegulidwa chimaitana mbalame, nyerere ndi mbozi, ndipo madzi othirira akalowamo chimawola. Ndiye chimene mwatsegula muchithyole, mukadye kunyumba, musachibwezere makoko n'kuchisiya.

Mbali ziwirizo muziyeze padera. Musatenge za m'mphepete, chifukwa mapesi a kumalire amapeza dzuwa ndi malo ambiri, amaoneka bwino kuposa am'kati. Mudutse pakati pa ndime mopingasa, muzigwira zitsononkho zambiri popanda kusenda. Makoko a dowe wabwino amakhala obiriwira, okumbatira chitsononkho mothina, ndipo akunja okha ndi amene amayamba kutuwa m'mphepete. Ngati makoko akukhwepa, mukufinya n'kumva mpata pakati pa khoko ndi njere, m'katimo simunadzaze. Ngati ayamba kuyera ndi kuchita phokoso, nthawi ya dowe yadutsa.

Mukatero musankhe zisanu kumunsi ndi zisanu kumtunda, zapakatikati, osati zazikulu zokhazokha. Musende, ndipo mubaye njere ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Mubaye pakati pa chitsononkho, chifukwa njere za kutsinde zimatsogola ndipo za kunsonga zimatsalira. Pakatuluka madzi oyera mbee oonekera, sichinafike. Pakathovoka mkaka, ndi chophika. Pakatuluka zolimbirako zomata pachikhadabo, ndi chowotcha. Chikhadabo chikakanika kulowa, chimenecho chisiyeni chiume mudzapeze ufa.

Mayi Phiri a ku Chipata: Ndilowererepo pa chophika ndi chowotcha. Kuno makasitomala anga a chophika safuna chamkaka weniweni, amati ndi madzi okhaokha, sakhuta. Amafuna chimene mkaka wayamba kugwirana. Chamkaka chenicheni chimakomera ana ndi okalamba.

Che Jafali: Pa mbaula ndiye chamkaka sichitheka. Njere zimaphulika, zimanyala, chimatuluka chakuda kunja chosapsa bwino. Chowotcha chimafuna njere yoti ili ndi thupi. Koma chikapitiriranso, chimauma pamoto n'kukhala ngati chokazinga.

Mayi Phiri a ku Chipata: N'chifukwa chake ine ndimati venda wofuna kuthyola dimba lonse tsiku limodzi akusamala za thiransipoti yake, osati za chimanga chanu. Dimba limathyoledwa kawiri kapena katatu.

Tadala wa ku Bunda: Ndinamvanso kuti mukasiya kuthirira sabata imodzi musanathyole, dowe amatsekemera kwambiri. Mayi, mwina muyese zimenezo.

Nachisale: Pamenepo ndikukana, makamaka pamchenga. Nthawi ya mkaka ndi imene mbewu ikutumiza chakudya ku njere, ndipo ikasowa madzi imayamba kutaya njere za kunsonga, zotsalazo n'kukhala zazing'ono. Chimene chimateteza kutsekemera ndi kuthyola m'mamawa kukadali kozizira, kusiya makoko, kuika pamthunzi ndi kugulitsa tsiku lomwelo. Shuga wa m'njere amayamba kusanduka ufa chikangochoka paphesi, ndipo m'thumba lotentha padzuwa zimachitika msanga.

Che Jafali: Koma alimi ena amene ndimawagula amasiyadi kuthirira, ndipo chawo chimakoma.

Nachisale: Pa dothi lakuda la m'dambo akhoza kusiya osaona vuto, chifukwa pansi pali chinyezi kale. Kaya kukomako kukuchokera pa kusiya madzi kapena pa dothi, tingadziwe pokhapokha wina atayesa mizere iwiri yoyandikana.

Mayi a Chisomo: Ndabwerako kudimba, ndachita monga munanenera. Kumunsi makoko ndi obiriwira, othina, ndipo nsonga zambiri n'zobulungira. Pa zisanu zimene ndasenda, zitatu zathovoka mkaka wokhuthala, chimodzi chatuluka zomata, chimodzi mkaka wake ndi wamadzimadzi. Njere zafika pafupi ndi kumapeto, kwangotsala kansonga kochepa kopanda kanthu.

Kumtunda ndiye kwandidetsa nkhawa. Ndevu zauma kuposa za kumunsi, mwina n'zimene zinamukopa venda uja. Koma ziwiri zatuluka madzi oonekera, njere zake zazing'ono zoyera. Ziwiri zili ndi mkaka koma njere zili patalipatali, pena gulu pena palibe, ndipo kuyambira pakati kupita kunsonga n'kopanda kanthu. Chimodzi ndapezamo mbozi kunsonga, ndevu zake zinali zodukaduka, pali ndi zinyalala zonyowa.

Nachisale: Mwagwira ntchito yabwino, mayi. Tiyeni tione chimodzichimodzi.

Kumunsi kwafika. Loweruka zambiri zidzakhala pabwino pa chophika ndipo zina pa chowotcha. Kansonga kopanda njere musadandaule nako, ndevu za kunsonga zimatuluka pomaliza, nthawi zina mungu utatha, ndipo zimachitika ngakhale m'munda wabwino.

Kumtunda kuli mavuto awiri osiyana, musawasakanize. Zija za madzi oonekera n'zochedwa chabe. Chilala chinachedwetsa ndevu, koma njere zilipo, ndipo mukapitiriza kuthirira zidzadzaza pakapita sabata kapena masiku khumi. Zija za mipata sizidzadzazanso ngakhale mutadikira mwezi. Chimanga chikasowa madzi nthawi yomasula, ngayaye imapitiriza kuwaza mungu koma ndevu zimachedwa kutuluka, ndipo zikamatuluka mungu wambiri wapita kale. Njere imene sinalandire mungu siphuka, mpata wake umakhala choncho.

Mukhoza kutsimikiza nokha. Tengani china cha kumtundako, mucheke makoko ndi mpeni m'litali mosamala osakoka ndevu, muwachotse pang'onopang'ono, kenako mugwedeze chitsononkho. Ndevu za njere zimene zinalandira mungu zimagwa zokha. Zimene zakakamira pachitsononkho zikuloza malo amene mungu sunafike.

Mayi a Chisomo: Ndayesa pa chimodzi chimene ndinabwera nacho chosasenda. Kutsinde ndevu zagwa zonse. Chakunsonga zatsalira zambiri, zikulendewera pa timatuza tophwa.

Nachisale: Ndi zimenezo. Za mbozi ija, zikumveka ngati ntchemberezandonda, imene imalowera kunsonga n'kudya ndevu ndi njere zanthete. Ndevu zodulidwa ndi mbozi zimauma msanga, n'kuoneka ngati chimanga chakhwima. Mukaona ndevu zazifupi ngati zometedwa ndi zinyalala pakamwa pa makoko, finyani kaye kunsongako. Ndipo musapopere mankhwala pano, chimangachi chikupita m'kamwa mwa anthu masiku ochepa akubwerawa.

Mayi Phiri a ku Chipata: Ndiye vendayo mumuuze kuti Loweruka athyole kumunsi kokha, ndipo muziwerenga chimodzichimodzi, inu muli pomwepo. Akalowa kumtunda adzathyola, adzasenda pang'ono, adzapeza mipata, n'kuyamba kutsitsa mtengo wa katundu yense ponena kuti chimanga chanu n'chosadzaza.

Che Jafali: Si tonse timatero, mayi. Komanso kumbukirani kuti galimoto kubwera kawiri ndi ndalama. Ine ndikanapempha kuti tidikire mpaka pakati pa sabata yamawa, tithyole zonse pamodzi.

Mayi Phiri a ku Chipata: Podikira kumtunda, kumunsi kudzakhala kutalimba. Ndi kutentha kwayambaku, chophika sichidikira sabata.

Che Jafali: Chikalimbirako ndi chowotcha, sichinatayike.

Mayi a Chisomo: Nonse mukunena zomveka. Ndilankhula naye madzulo ano ndimve kuti chophika akufuna chochuluka bwanji.

Bambo Gondwe: Tsopano ndifunse langa lija. Chaka chatha ndinadzala mbewu ya Njobvu kumunda wa dzinja kuno ku Kasungu. Makoko anayera koma masamba ndi mapesi zinali zobiriwira, ndiye ndinadikira. Mnansi wanga, chake chinauma chonse msanga, masamba ndi mapesi omwe, anadula n'kuimika mikukwe ine ndisanayambe. Potong'ola, chake chinali chopepuka, njere zokwinyika, thumba lodzaza koma losalemera. Chinachitika n'chiyani, popeza chake ndi chimene chinkaoneka chokhwima?

Nachisale: Bambo Gondwe, kuuma ndi kukhwima ndi zinthu ziwiri. Phesi likhoza kufa njere zisanamalize kudzaza, chifukwa cha ng'amba, chiswe chodya mizu, kuwola kwa phesi, matenda a masamba kapena kuchepa kwa feteleza. Likafa, makoko amayera, chitsononkho chimawerama, zonse zimaoneka ngati nthawi yakwana, koma njere zinaima panjira. Chanu chinali ndi moyo mpaka kumapeto. Mbewu zina za haibulidi zimasunga masamba obiriwira ngakhale njere zitakhwima, ndiye pa izo masamba sangakuuzeni kanthu.

Apanso funsani njere. Thyolani chitsononkho pakati, muyang'ane chidutswa cha kunsonga, mbali ya njere yosalala yopanda mtima. Mudzaona mzere wolekanitsa mbali yolimba ya pamwamba ndi yofewa ya pansi. Mzerewo umatsika pang'onopang'ono kulowera ku chitsononkho pamene njere ikulimba. Ukafika pansi n'kusowa, zulani njere imodzi, mukande kansonga kamene kanailumikiza. Mukapeza kadontho kakuda, njira ya chakudya yatsekeka, njere singalemerenso. Zimenezi zimachitika pafupifupi masiku 55 mpaka 65 chitulukire ndevu. Kudula mapesi kadonthoko kasanaoneke n'kudzichepetsera zokolola.

Tadala wa ku Bunda: Njira yachidule ndi kuyang'ana kadzenje pamwamba pa njere. Kakaoneka, chakhwima.

Nachisale: Kadzenjeko kamayamba msanga, cha pa masiku 35 mpaka 42, njere ikadali kudzaza. Ndiponso chimanga cha makolo ndi mbewu zina zolimba zokonoleka bwino sizichita kadzenje kooneka, pamwamba pamakhala pobulungira mpaka kuuma. Kadontho kakuda kamapezeka pa mitundu yonse. Chenjezo limodzi: phesi lofa msanga nalonso limapanga kadonthoko, ndiye muonenso ngati njere ndi zodzaza ndi zothinana. Mukapotokola chitsononkho n'kumva chikupindika, njere zikugwedera, chimenecho chinafa chisanamalize.

Bambo Gondwe: Ndiye kadontho kakaoneka ndikhoza kutong'ola n'kuthira m'matumba?

Nachisale: Ayi, bambo. Pamenepo mukhoza kudula ndi kuimika mikukwe, koma njere ikadali ndi madzi pafupifupi 30 pa 100 alionse, pamene yosunga imafunika itsike kufika cha pa 13. Mukatong'ola ndi kuyanika, yesani ndi mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, muikemo njere ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mulisiye kanthawi n'kukhutchumulanso. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga chikadali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa. Izi n'zofunika kwambiri ngati mukusunga m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, chifukwa chonyowa chimawolera momwemo inu osaona.

Agogo aNgozo: Ife timangoluma. Chouma chimalira m'mano n'kusweka, chachinyezi chimaphwanyika mwakachetechete.

Nachisale: Njira imeneyo ndi yabwino, agogo, ndipo ine ndimachita zonse ziwiri. Pa makoko ndiwonjezere chimodzi, Bambo Gondwe. Cha makolo makoko ake amaphimba mpaka kupitirira nsonga, chimapirira pamunda. Mbewu zina nsonga imatulukira kunja, ndipo mvula yomaliza ikalowa pamenepo chimawola, anankafumbwe nawo amalowera pomwepo chikadali m'munda. Zotsegukazo muzikolola msanga zikangokhwima, ndipo musaziphatikize ndi zabwino posunga.

Mayi a Chisomo: Ndalankhula naye venda uja. Wavomera kuthyola kumunsi Loweruka m'mamawa, tiziwerenga limodzi. Zakumtunda akuti sakulonjeza kubweranso, ndiye zimene zidzadzaze ndidzagulitsa ndekha pamsewu, za mipata tidya pakhomo. Koma pali china. Mapesi ambiri a kumunsi abereka awiri, ndipo mwana wachiwiri wapansi ndi wamng'ono, ndevu zake zina zikadali zofewa. Tikathyola wamkulu, wamng'onoyo adzakula?

Che Jafali: Kawirikawiri sakula mokwanira kugulitsa. Ine ndimati dulani mapesi mupatse ng'ombe akadali obiriwira, mudzalepo nyemba.

Nachisale: Zimadalira ngati analandira mungu. Amene ndevu zake zafota kale ndipo mukufinya n'kumva njere, akhoza kudzaza ndithu mukasiya phesi ndi masamba ake n'kupitiriza madzi. Amene ndevu zake zikadali zofewa ndi zazitali pano, ngayaye zitauma kale, alibe pochotsa mungu. Loweruka pothyola muuze anyamatawo azipotokola chitsononkho chapamwamba atagwira phesi ndi dzanja lina kuti lisathyoke, ndipo m'mizere iwiri kapena itatu musende ana achiwiri angapo muone kuti ndi angati ali ndi njere musanaganize zodula.